Khoma lotchinga dothi kuseri kwa sukulu: tidule ukonde kapena ayi?

Msungichuma: Abale, ndaona pulani ya khoma la msinkhu wa mamita 4 lija. Akuti ukonde wa pulasitiki, jiyogiridi uja, uyalidwe pa masentimita 60 aliwonse, ndipo mzere uliwonse ulowe m'dothi mamita 3.2. Funso langa ndi ili: pamwamba dothi ndi lochepa, silikankha kwambiri. Bwanji mizere yapamwambayo tiifupikitse, ndiponso tizidumpha mzere umodzi? Ukonde ungatikwanire bwino.

Mmisiri: Mayi msungichuma, zofupikitsa pamwambazo ndikugwirizana nazo. Khoma limavutikira pansi. Koma zodumpha mzere ayi. Ndinaonapo khoma lotero, mabuloko anatulutsa mimba pakati pa mizere mvula yoyamba isanathe.

Injiniya: Achimwene, theka mwalondola. Pansi ndi pomwe ukonde ungaduke, koma pamwamba ndi pomwe ungasololoke. Ndiyambe ndi zodumphazo. Mzere uliwonse umanyamula kukankha kwa dothi la pakati pa iwo ndi anzake, ndipo timawerengera chonchi:

```
T = Ka × γ × z × Sv
```

T ndi katundu wokoka mzere, Ka ndi gawo la kulemera lomwe limakankhira m'mbali, γ ndi kulemera kwa kiyubiki mita ya dothi, z ndi kuya kwa mzere kuchokera pamwamba, Sv ndi mpata wa pakati pa mizere. Dothi lamchenga ndi timiyala lomwe lili mu pulaniyi limakankhira m'mbali pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a kulemera komwe kuli pamwamba pake. Kiyubiki mita imodzi imalemera makilonyutoni ngati 19. Mzere womwe uli mamita 3.4 kuchokera pamwamba, pa mpata wa 0.6, ukukokedwa ndi makilonyutoni 13 pa mita iliyonse ya khoma, kuposa tani imodzi. Mukadumpha mzere, mpata ufika 1.2 ndipo katunduyo afika 26.

Msungichuma: Komatu pachipepala cha ukondewo alemba 55. Kodi 26 sinachepe?

Injiniya: Mayi, 55 ija ndi ya ukonde watsopano, wokokedwa mwachangu pa makina oyesera. M'dothi umakandika ndi miyala potsendera, umakalamba, komanso pulasitiki akakhala chikokedwere zaka zambiri amatamuka pang'onopang'ono. Zonsezi pamodzi, pa ukonde uwu tigawe ndi 2.5, titsala ndi 22. Tigawenso ndi 1.5 kuti tisakhale pa malire penipeni, titsala ndi 14 ndi pang'ono. Ndiye 13 ikulowa mothina, 26 siingalowe. Malamulo a AASHTO, bungwe la ku America loona za misewu, salolanso mpata wopitirira masentimita 80, ngakhale ukonde ukhale wolimba chotani, chifukwa cha mimba yomwe achimwene atchulayo.

Wachiwiri kwa wapampando: Ine kunyumba kwanga khoma langa ndinaika zitsulo ndi simenti yambiri, lili njo mpaka lero. Tingowonjezera simenti m'mabulokomo, nkhani ithe.

Mmisiri: Bambo, lanulo ndi mtundu wina. Pano mabuloko ndi chovala chabe, chogwira dothi ndi ukondewo.

Injiniya: Tsopano za kutalika. Khoma likati ligwe, dothi silichoka lonse. Limang'ambika motsatira mzere woyambira patsinde pa khoma, nkukwera chakumbuyo mopendekeka pa madigiri 60 pa dothi ngati lathuli. Chigamphu chomwe chili kutsogolo kwa mng'aluwo ndicho chimafuna kutsetsereka, ndipo nchopyapyala pansi, chotakata pamwamba. Pa mzere wapamwamba, womwe uli masentimita 40 pansi pa nthaka, chigamphucho nchotakata mamita 2.1. Ukonde wonse womwe uli m'mamita 2.1 amenewa sugwira kanthu, ukugwa limodzi ndi dothilo. Chogwira ndi mchira womwe wadutsa mng'alu nkulowa m'dothi lokhazikika, ndipo mchirawo usachepere mita imodzi. Choipa china, pamwambapo dothi loupsinja ndi lochepa, ndiye umasololoka msanga ngati lamba wopanikiza ndi njerwa imodzi. Tikaphatikiza 2.1 ndi 1 tipeza 3.1, nchifukwa chake pulani ikunena 3.2.

Mmisiri: Ine ndimadziwa zoti kutalika ndi 0.7 ya msinkhu wa khoma, ndiye 2.8.

Injiniya: Ameneyo ndi malire a pansi, poyambira chabe. Pano mzere wapamwamba wafuna zoposa. Ukafupika, chizindikiro ndi mng'alu pa nthaka woyenda motsatira khoma, mabuloko apamwamba nkumaweramira kunja. Ndipo poyala, mbali yolimba ya ukonde iloze m'dothi, osati motsatira khoma.

Mlembi: Pali chinthu chomwe simunakhudze. Tidayeza Loweruka, ndipo chakumpoto, kuchokera pomwe padzakhale mabuloko kufika pa thanthwe lija pali mamita 2.5 okha. Komanso anyamata akufuna kubwezera katondo yemwe akumba.

Injiniya: Katondo ayi, amlembi. Manambala onse ndapereka aja ndi a dothi lodutsa madzi, lomwe fumbi lake losalala silipitirira 15 peresenti. Dongo likanyowa limakankha kwambiri, mng'alu umapita kutali, ukonde nkumaterereka. Za thanthwezo sindiyankha pafoni. Mwina tiswe mwala, mwina khoma lisunthire kutsogolo masentimita 70.

Wachiwiri kwa wapampando: Likasunthira kutsogolo lidya njira ya ana ija.

Mlembi: Achimwene a injiniya, mungabwere liti ndi tepi tikayezenso?