"Madzi saiwala khwawa": kodi azakhali amandiuza kuti chiyani?

Nachisale

Akuluakulu, ndithandizeni tanthauzo la mwambi uwu: madzi saiwala khwawa. Anandiponyera azakhali anga Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, ndipo mpaka lero ukundisowetsa tulo.

Nkhani yake ndi iyi. Bambo a kunyumba amagula soya ndi mtedza, ndiye nyengo yokolola amakakhala ku Mchinji milungu iwiri kapena itatu osabwera. Mu June chaka chatha ndinatulukira kuti kumeneko anali ndi mkazi. Ankhoswe anakhala pansi, iwo anavomera, anapepesa, tinapitiriza banja. Pano papita miyezi 8. Amafika pakhomo dzuwa lisanalowe, foni amangoisiya patebulo. Nditawauza azakhali kuti zinthu zili bwino tsopano, anangoseka pang'ono, kunena mwambiwo, basi n'kuyamba za mtengo wa feteleza. Kodi amandiuza kuti ndilongedze?

Achimwene Jo

Iii mayi, musadandaule. Mwambi umenewo ndi wabwino. Ukutanthauza kuti munthu saiwala kwawo. Bambowo anayendayenda koma abwerera pakhomo, khwawa lake ndi inuyo.

Aphunzitsi Opuma

Achimwene Jo, mwamenya pambali, ngakhale simunaname kotheratu. Ndamvapo anthu akuunena kwa mwana wobwera ku Joni patapita zaka. Koma munthu wamkulu akaunena pa nkhani ya banja, ataseka chotero, sakutanthauza zimenezo.

Tiyambe ndi liwulo. Khwawa si mtsinje. Mtsinje umakhala ndi madzi, aliyense amauona n'kuulemekeza. Khwawa ndi chigwembe chimene madzi anakumba, ndipo miyezi yambiri chimakhala gwa, chouma, mbuzi zikudyamo, ana akuseweramo. Mlendo wofika mu October angalumbire kuti pamenepo sipanadutsepo madzi. Mvula ikagwa, madzi safunsa njira, amangolunjika momwe anadutsa kale. Choncho mwambiwu umanenedwa kwa munthu wobwerera ku khalidwe lake lakale, makamaka anthu amene anali pachibwenzi akayambiranso.

Koma mayi Nachisale, taonani bwino chimene mwambiwu sukunena. Sukunena kuti m'khwawa mumakhala madzi nthawi zonse, ndipo sukunena kuti mulongedze. Ukunena kuti kuuma kwa khwawa m'chilimwe si umboni wa kanthu. Mwati amuna anu anachita zimenezi ali ku Mchinji, ali ndi ndalama zogulira mbewu m'thumba, ali kutali ndi maso anu. M'miyezi 8 imeneyi, apitako kangati?

Nachisale

Sanapiteko. Anabwerako mu July, kugula kunali kutatha. Ayambanso cha mu April kapena May.

Aphunzitsi Opuma

Ndiye azakhali anu amanena zomwezo. Mvula ya bambowo sinagwe. Inu mwayesa khwawa nthawi ya dzuwa.

Mlangizi wa ku Ntcheu

Ine za mabanja sindine katswiri, koma makwawa ndagwira nawo ntchito zaka zambiri, ndiye mundilole ndilowererepo.

Mlimi akaona chigwembe m'munda, choyamba chimene amachita ndi kukwirira. Amathira dothi, zinyalala, mapesi, pamwamba n'kusalaza. Pamaoneka bwino ndithu. Mvula yoyamba yamphamvu imakokolola zonsezo usiku umodzi, chifukwa madzi amene anakumba poyamba akubwerabe chimodzimodzi kuchokera kumtunda. Ife timawauza kuti ayambe kumtunda kumene madzi akusonkhana. Akonze mizere ya akalozera yopingasa, aike ngonyeka kuti madzi azilowa pansi pomwepo, adzale vetiva. Kenako m'chigwembemo amange timipanda ta miyala kapena ta zikhomo ndi nthambi, kuti madzi azifika atafooka. Ndipo ngati zikugwira ntchito, sudziwira m'chilimwe. Umapita mvula itagwa n'kukayang'ana kuseri kwa kampanda: ngati pasonkhana dothi ndipo udzu wayamba kumera, zikuyenda. Ngati mutu wa chigwembe ukudyabe kulowera kumtunda, ntchito yalephera ngakhale kumunsi kukuoneka kokongola.

Ndiye funso langa kwa mayiwa ndi lakuti: ankhoswe atakhala pansi, anakwirira kapena anapita kumtunda? Kupepesa ndi kugwirana chanza ndi dothi lothira pamwamba. Kumtunda ndiko kufunsa kuti chaka chino akapita, akagona kuti, akakhala masiku angati osabwera, ndalama za kampani ndi zapakhomo ziyenda bwanji, ndipo mkazi uja anauzidwa ndi ndani kuti zatha, pamaso pa ndani. Chigwembe chimachira, ndaona ndi maso. Koma sichichira mvula imodzi, ndipo malo ake amadziwikabe.

Nangozo

Zonsezo n'zazitali. Tengani pasiwedi ya foni, muzimuimbira pa vidiyo usiku uliwonse akuonetseni chipinda. Mwamuna ndi mwana, amafuna kumulondalonda.

Bambo a Tadala

Achemwali Nangozo, ine ndilankhule ngati wolakwa, chifukwa kwathu amene anachita zimenezi ndine, zaka 6 zapitazo. Foni mkazi wanga ndinampatsa tsiku lomwelo. Pasanathe mlungu ndinali nditagula kafoni kamabatani ka kuntchito, ndipo anakhala miyezi akufufuza foni yoyera ngati mbale yotsuka. Foni yosiyidwa patebulo imangosonyeza kuti m'foni imeneyo mulibe kanthu.

Chimene chinasintha zinthu kwathu sichinali kulondana. Tsiku lina mkazi uja ananditumizira uthenga patapita nthawi yaitali, ndipo ndinakauza mayi a Tadala ndekha, asanafunse, ndikudziwa kuti tigona osalankhulana. Tinagonadi osalankhulana masiku atatu. Koma pambuyo pake anandiuza kuti kuyambira tsiku limenelo ndi pomwe anayamba kugona tulo. Ndiye mayi Nachisale, dzifunseni: m'miyezi 8 imeneyi, pali chinthu ngakhale chimodzi chowawa chimene amuna anu anakuuzani okha, chimene mukanapanda kuuzidwa simukanachidziwa? Kapena zonse zimene mukudziwa ndi zimene munachita kugwira nokha?

China ndi ichi. Munthu wogwidwa amavomera zokhazo zimene wagwidwa nazo. Ine ndinati zinachitika kawiri, pamene zinatenga chaka. Choonadi chikamatuluka pang'onopang'ono chotero, lero kadontho, mwezi wamawa kadontho, bala limayambiranso nthawi iliyonse. Ngati nkhani imene anafotokoza pamaso pa ankhoswe ikufanana ndi imene angafotokoze lero, masiku ake, ndalama zake, ndi chizindikiro chabwino. Ikamasinthasintha, pali zotsala.

Nachisale

Bambo a Tadala, mwandifika pamtima. Za ndalama anandiuza okha, kuti ankamulipirira lendi miyezi inayi. Ine sindinkadziwa. Koma ndikafunsa zina, monga ngati mkaziyo ankadziwa kuti ali ndi banja, amati, "Nkhani imeneyi inatha kwa ankhoswe, ukufuna uziikumba mpaka liti?"

Aphunzitsi Opuma

Za lendizo ziikeni mbali yabwino, n'zolemera. Yankho linalo ndi limene likundidetsa nkhawa. Ankhoswe amathetsa mlandu, sathetsa mafunso. Wolakwiridwa amafunsa chinthu chimodzi kakhumi, osati chifukwa sanamve, koma akufuna aone ngati yankho likhala lomwelo. Mwamuna amene akukonzadi amatopa nawo mafunsowo, inde, ndi munthu, komabe amayankha. Amene amakwiya kuti mwakumbutsa, n'kufika poti inuyo ndi amene mukupepesa, akufuna mtendere wake, osati wanu.

Komanso ndisakondere. Pali azimayi, ndi azibambo omwe, amene amasandutsa nkhaniyi chikwapu, mchere ukachepa m'ndiwo yatuluka, mwana akalephera mayeso yatuluka. Pamenepo ngakhale wolapa zenizeni amafooka. Ena amagwirizana kuti azikambirana nkhaniyi madzulo amodzi pa mlungu, ana atagona, masiku enawo aipumitse. Sizigwira kwa aliyense, koma zimathandiza kuona ngati mafunso akuchepa okha.

Nangozo

Ine ndikuti mukumuchulutsira ntchito mayiyu. Wolakwa ndi mwamuna, koma woyeza, wodikira, wosankha tsiku lofunsa ndi mkazi? Azakhaliwo ananena zoona, madzi saiwala. Wanga analapa katatu, kachitatu analira mpaka mamina pamaso pa malume anga. Pano ali ndi ana awiri kwa yemweyo.

Anamwino

Achemwali Nangozo, pepani, zimenezo zimapweteka. Kulira sikuyeza kanthu, pamenepo tikugwirizana.

Mayi Nachisale, palibe amene wafunsa izi: munakayezetsa magazi limodzi? Ndipo munabwerezanso? Kachipangizo koyezera HIV pachala kamatha kusaona kachilombo kamene kangolowa kumene, n'chifukwa chake timati munthu abwerenso pakatha miyezi itatu kuchokera tsiku lomaliza limene anagonana mosadziteteza. Mupemphenso kuti akuyezeni chindoko, chifukwa chimatha kukhala m'thupi mwakachetechete. Ndimaona maanja ambiri pa benchi yathu ija, ndipo pamaonekera zambiri. Wina amabwera yekha atatsogola, makadi ali m'manja. Wina amati "ukayezetse iweyo, zako zikakhala bwino ndiye kuti zanganso zili bwino", zomwe si zoona, chifukwa m'banja limodzi wina amatha kukhala nako wina alibe. Ndipo akamapita ku Mchinjiko, kupempha kondomu akabwerako mpaka mutayezetsanso si kunyoza. Mmene adzalandirire pempho limenelo mudzaphunzirapo kanthu.

Nachisale

Tinayezetsa mu July, zinali bwino. Kubwereza sitinabwereze, ine ndinkaopa kuti ziwoneka ngati ndikuyambitsanso.

Mlangizi wa ku Ntcheu

Mawu amenewo, "ndinkaopa kuyambitsanso", ndi amene ine ndikanayang'anitsitsa. Bata la pakhomo panu likuchokera poti mitima yakhazikika, kapena poti inuyo mwaphunzira kumeza? Kunja zimaoneka chimodzimodzi. Mudziyese nokha: akachedwa ola limodzi, m'mimba mumatentha ngati mu August muja, kapena pang'ono? Foni yawo ikalira ali kubafa, mapazi amakunyamulanibe? Ngati zikuchepa zokha popanda kudzikakamiza, dothi likusonkhana. Ngati zili chimodzimodzi koma mwangosiya kunena, mwakwirira.

Achimwene Jo

Koma abale, bwanji bambowo angosiya ntchito ya ku Mchinjiyo? Madzi asapezenso khwawa.

Bambo a Tadala

Adya chiyani ana? Komanso akazi sali ku Mchinji kokha. Ine ndikanati apite, koma iwowo ndi amene abweretse ndondomeko, osati mayi kuwalembera malamulo. Kubwera Loweruka lililonse ngati thiransipoti ikulola, kugona kumene anzawo a ntchito akugona, kusintha msika ngati mkaziyo ali pamsika womwewo. Mayi Nachisale, musawauze zimenezi. Ingowafunsani kuti, "April wayandikira, mwaganiza zotani?" Mukapeza kuti anaganizapo kale, ndi nkhani ina. Akadabwa kuti pali choganiza, ndi nkhani inanso.

Aphunzitsi Opuma

Pamenepo ndikusiyana nanu pang'ono. Amuna ena saganiza patsogolo ngakhale mtima uli wabwino, kudabwa kokha sindingawaweruze nako. Ndingayang'ane zimene achite mlungu wotsatira atafunsidwa. Ndipo ankhoswe aitanidwenso ulendo usanachitike, asamangoitanidwa zinthu zitaphulika.

Nachisale

Ndawafunsa usiku wathawu, monga munanenera bambo a Tadala. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati anapempha kale abwana awo mu January kuti awatumize ku Kasungu, koma sanayankhidwe, ndipo sanandiuze poopa kuti zikakanika ndikhumudwa. Sindikudziwa ngati ndisangalale kuti anapempha, kapena ndidandaule kuti anabisanso. Zoyezetsa avomera, tipita Lachisanu. Azakhali ndawaimbira kuwafunsa chimene ankatanthauza, angoti, "Udzandiuze mu August," n'kudula foni.