Ndinachita intavyu ku Msasa, sanandiuze tsiku loyankha. Ndifunse liti?

Nabanda wa ku Mufakose:
Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Lachinayi pa 7 Ogasiti ndinakachita intavyu ya ukalaliki woyang'anira katundu pa kampani ina ku Msasa, kuno ku Harare. Ondifunsa anali atatu, ndipo tinakhala pafupifupi mphindi 40. Potsanzikana mayi wa ku ofesi ya antchito anangoti tidzakudziwitsani, osatchula tsiku. Inenso mantha anandigwira, sindinafunse. Lero ndi Lachisanu pa 15, foni ili zii. Ndili ndi imelo imene anandiitanira komanso nambala ya mayiyo. Kodi ndifunse lero, kapena ndioneka wovuta? Ndakhala miyezi 7 osagwira ntchito, mtima sukukhazikika.

Che Jafali:
Achemwali, mwachedwa kale. Mwana wosalira amafera pamsana. Lolemba m'mawa kwerani kombi mukaime pa geti, akuoneni nkhope. Ine ya ulonda ndinaipeza choncho.

Mayi Nangondo (Highfield):
Ndagwira zaka zambiri mu ofesi yolemba anthu ntchito pa fakitale ina ku Workington, ndiye ndilankhule zimene ndaona. Che Jafali akunena zoona kuti kufunsa si mlandu, koma za pa geti musachite. Mlonda adzaimba foni mkati, amene mukumufunayo ali pa msonkhano, ndipo adzakukumbukirani ngati munthu amene anabwera osaitanidwa. Ya ulonda kapena ya maganyu ndi ina, kumeneko amalemba amene alipo tsikulo. Ya mu ofesi imadutsa m'manja ambiri.

Mwana wanga, vuto lanu ndi kawerengedwe ka masiku. Inu mukuwerenga 8 chifukwa mukuphatikiza usiku uliwonse umene simunagone. Iwo amawerenga masiku otsegula ofesi basi. Lolemba pa 11 linali holide ya ngwazi za dziko lino la Zimbabwe, Lachiwiri pa 12 ya asilikali. Ndiye chichokereni inu, agwira Lachisanu pa 8, kenako pa 13, 14 ndi lero. Masiku 4 okha. Sabata imeneyinso ambiri amaphatikiza tchuthi chawo n'kupita kumudzi, moti mwina mmodzi mwa atatu aja sanabwerere n'komwe.

Akapanda kutchula tsiku, ine ndimauza anthu kudikira masiku ogwira ntchito 7, osapitirira 10. Chifukwa chake n'chakuti simunali nokha. Ife tinkaitana anthu 5 kapena 6, ena tsiku lina. Tikamaliza, aliyense wa ofunsa amapereka malikisi ake, timagwirizana dzina, kenako timaimbira kumene munthuyo anagwirako kale, ndipo pamenepa ndi pamene zimachedwa chifukwa mabwana akale sayankha msanga. Pomaliza bwana wamkulu amasainira malipiro. Zonsezi kutheka m'masiku 4 n'kovuta.

Kwa inu tsiku la 7 ndi Lachitatu pa 20. Lembani m'mawa, cha m'ma 9 koloko. Musafike sabata ya pa 25, chifukwa nthawi imeneyo ofesi ya antchito imakhala pa malipiro a mwezi, ndipo a kosungira katundu amakhala akukonzekera kuwerenga katundu wa kumapeto kwa mwezi. Uthenga wanu udzangokwiririka.

Nabanda wa ku Mufakose:
Zikomo amayi, za maholidezo sindinaziganizire. Nanga ndilembe chiyani? Ndikuopa kuoneka ngati ndikupempha chifundo.

Mayi Nangondo (Highfield):
Yankhani pa imelo yomwe ija anakuitanirani, kuti dzina lanu ndi la ntchito zionekere pamodzi, asavutike kufufuza kuti ndinu yani. Mudzalemba m'Chingerezi, koma mfundo zake ndi izi: mwathokoza chifukwa chokuitanani pa 7 Ogasiti pa ntchito yakuti, ntchitoyo mukuifunabe, ndipo mukufunsa kuti akuyembekeza kupanga chiganizo liti, komanso ngati pali pepala lina limene akufuna kwa inu. Mizere inayi yakwana. Funsani za tsiku, osati ngati mwapambana. Za tsiku mayiyo angayankhe yekha osaphwanya lamulo, koma za amene wasankhidwa saloledwa kuulula kalata isanasainidwe, ndiye adzangokhala chete. Za miyezi 7 ndi za lendi musatchule.

Pakali pano imbirani anthu amene munawalemba kuti akuchitireni umboni. Mmodzi akakuuzani kuti kampani yamuimbira, dziwani kuti muli pafupi.

Phiri Dzivarasekwa:
Samalani ndithu. Ine chaka chatha ndinadikira milungu iwiri, kenako anandilembera kuti ndapambana koma nditumize madola 30 pa EcoCash a ku chipatala. Ndinatumiza, nambala inazima mpaka lero. Ntchito za pa WhatsApp izi!

Nabanda wa ku Mufakose:
Pepani achimwene pa zimene zinakuchitikirani. Yangayi ndinafika ndekha pa kampani, ndinaona malole ndi katundu ndi maso anga, ndipo palibe wandipempha ndalama. Koma ndamva, wina akatchula ndalama sinditumiza.

Gama M.:
Ine ndikusiyana pang'ono ndi Mayi Nangondo pa imelo. Kampani zing'onozing'ono za kuno imelo amatsegula mwa apo ndi apo, magetsi akathima ndiye kaya. Ine yanga ku Graniteside anandiyankha pa WhatsApp ola lomwelo, imelo itakhala sabata yathunthu osayankhidwa. Poti nambala muli nayo, bwanji osalemba pamenepo?

Mayi Nangondo (Highfield):
Zimatengera mmene nambalayo munaipezera, a Gama. Ngati mayiyo ndiye anayamba kukulemberani pa WhatsApp, njira ndi yotsegula, lembani nthawi ya ntchito, mawu olemba osati ojambula. Ngati munaipeza kwa mlonda kapena kwa mnzanu, ayi. Ineyo uthenga wobwera pa foni yanga 8 koloko usiku unkandipsetsa mtima, ngakhale munthuyo anali wabwino.

Gama M.:
Apo ndiye timasiyana. Bwana wanga amakonda kumene munthu wolimba mtima.

Nabanda wa ku Mufakose:
Nambala inali pansi pa imelo yawo, sanandilemberepo pa WhatsApp. Pali chinanso chimene sindinanene. Malume andipezera malo pa shopu ya mnzawo ku Mbare, ndiyambe pa 1 Seputembala, ndipo akufuna yankho pofika pa 27. Ndalama zake n'zochepa kuposa za ku Msasa.

Mayi Nangondo (Highfield):
Zimenezi zikusintha zinthu. Lembanibe pa 20 monga ndanenera, musatchule za shopu. Akapanda kuyankha pofika Lolemba pa 25, imbani pa nambala ija, popeza ili pa imelo yawo ndi ya ntchito. Muwauze mosabisa kuti mwapeza malo ena ofuna yankho pa 27, koma mtima wanu uli kwa iwo, ndiye mukufunsa ngati angadziwe pofika tsikulo. Ngati ndinu woyamba pa mndandanda, adzathamanga, ndinaonapo bwana akusainira kalata tsiku lomwelo. Akayankha kuti musatidikire, nthawi zambiri ndiye kuti kalata yapita kwa wina, ndipo inu akusungani ngati wachiwiri mpaka winayo atavomera. Pakanapanda za shopuzi ndikanati mufunse kachiwiri pa 2 Seputembala, mwezi utatha, kenako musiye. Kachitatu sikathandiza.

Che Jafali:
Nanga akavomera ku Mbare, a ku Msasa n'kuimba pa 3, atani? Malumewo adzawayang'ana bwanji mnzawo uja?

Nabanda wa ku Mufakose:
Chimenecho ndiye chikundisowetsa tulo, Che Jafali. Mawa ndikupita kwa malume, ndikawafunse ngati mnzawoyo angalole ndiyambe ngati wa ganyu mwezi woyamba. Imelo ndailemba kale, ikudikira Lachitatu.