Funso: ndimulekerere bwanji kumvera mawu ojambulidwa mwana wa disilekisiya?

Moni nonse, makamaka aphunzitsi anzanga.

Ndili ndi mtsikana wa zaka 11 amene anamupeza ndi vuto la disilekisiya. Mukamuwerengera nkhani amaimvetsa bwinobwino, mpaka kukufotokozerani chifukwa chimene munthu wa m'nkhaniyo wachitira zakutizakuti. Akamawerenga yekha, mphamvu zonse zimathera pa kulumikiza maphatikizo, moti pofika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala poyambira.

Tisanawerenge, timayang'ana mutu ndi zithunzi, iye n'kulosera za m'nkhanimo, kenaka ndimamuphunzitsa mawu ovuta anayi kapena asanu. Nkhaniyo ndimaidula m'zigawo za ziganizo zitatu, kwinako ndimaphimba ndi pepala, ndipo akamaliza chigawo amandiuza m'mawu ake zimene wamva. Izi zathandiza ndithu.

Pavuta ndi pa mawu ojambulidwa. Ndimadzijambula pafoni ndikuwerenga pang'onopang'ono kuti azimvera akulondola ndi chala. Mayankho amakhoza, koma ndikaimitsa mwadzidzidzi n'kumuuza kuti aloze pamene tafika, chala chimapezeka chatsala mizere iwiri. Ndiye kuti akungomvera, maso sali pa zilembo. Ndinayesa kuchepetsa liwiro, mawu anayamba kumveka mokoka, iye n'kutopa nazo.

Kodi ndizimumvetsera chigawo kaye kenaka awerenge yekha, kapena ayambe wayesa yekha n'kumvera pambuyo? Nanga inu munadziwa bwanji kuti nthawi yotalikitsa zigawo ndi kuchepetsa zomverazi yakwana? Kumuchotsera zonse sindikufuna, poti m'maphunziro ena akudalira zomwezi.

Zikomo.