Foni yadzaza, ndifufute ziti osataya nyimbo zakwaya?

Abale, ndithandizeni. Ndili ku Luchenza, foni ndi ya Android ya 32 GB, malo otsala 600 MB basi, moti WhatsApp ikukana kutsitsa zithunzi. Ku Settings > Apps ndapanga Clear cache pa Facebook ndi Chrome, pamasuka 1 GB, koma ikumadzazanso. Clear data sindinaikhudze, popeza imakutulutsa mu akaunti. Vuto lenileni ndi foda ya Android/media/com.whatsapp, yomwe yafika 9 GB. Nyimbo zakwaya zanga zonse zili mu WhatsApp Audio, zosakanikirana ndi zazii za m'magulu. Ndikazisamutsira ku memore khadi, pamacheza zidzasowa, zimenezo ndilibe nazo kanthu. Koma mu foda ya Databases, mafayilo akale a msgstore, osunga macheza, okhala ndi madeti ndingafufute, n'kusiya watsopano yekha? Nanga foda ya Sent ndikaifufuta yonse, zithunzi zanga za mu DCIM zitsala?