Ndilembe chiyani kwa amayi anga pa zaka 70?

Abale a kuno ku Lusaka, thandizeni maganizo. Loweruka likubwerali amayi anga akukwanitsa zaka 70, tidzasonkhana kunyumba kwa achimwene ku Matero. Ine ndiye andipatsa mphindi zitatu zoti ndilankhule tisanadye.

Ndinalemba kale, koma nditamuwerengera mkazi wanga anandifunsa kuti, "Kodi mawu amenewa sangayenerenso amayi anga?" Ndinaona kuti akunena zoona. M'mawu angawo munadzaza "mayi wachikondi", "mzati wa banja", zomwe aliyense anganene za mayi ake.

Ndiye ndafufuta zonse, ndasiya nkhani imodzi. Ndili kusukulu, amayi ankadzuka 4 koloko m'mawa kukazinga vitumbuwa pa mbaula, nkumakagulitsa ku msika wa Soweto. Ndalama ankamanga pakona ya chitenje, ndipo mfundo ya fizi yanga inali yapayokha, sankaimasula ngakhale ndiwo zitasowa. Padzanja lawo lamanja pali chipsera cha mafuta otentha mpaka lero. Ndikachiona mtima umandiwawa.

Pomwe ndakakamira ndi apa. Amayi ndi munthu wamanyazi, ndipo azilamu awo ndi anzawo a kutchalitchi adzakhalapo. Kodi kutchula za umphawi uja pagulu ndi kuwalemekeza, kapena ndi kuwavula? Ndiwafunse kaye, ngakhale kuti adziwiratu zomwe ndidzanene?

Chinanso, adzukulu anazolowera Chingerezi, koma ine ndikufuna kulankhula Chinyanja cha kwathu ku Chipata, ndikuwayang'ana amayiwo, kunena kuti "inu amama", osati kuuza alendo za iwo. Amene munachitapo zimenezi, munatani?