Ejenti akufuna kuti CV yanga azitumiza iye yekha, ndisayine?

Nambewe: Abale a pa gulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ku Manchester, ndikusaka ntchito ya maakaunti. Ejenti wina wopezera anthu ntchito wanditumizira fomu yoti kwa miyezi itatu CV yanga azitumiza iye yekha kwa mabwana, ine ndisafunsire ntchito kwina kulikonse. Akuti pali kampani ikufuna munthu msanga, koma dzina anditchulira ndikasayina. Lendi ili pakhosi, ndiye ndikuopa kumukhumudwitsa.

Bambo a Tadala: Musasayine chilichonse mayi. Ejenti woona sasayinitsa munthu.

Anaphiri a ku Leeds: Ayi bambo, kusayinitsa kulipo ndithu, nkhani ndi yoti mukusayinira chiyani. Ndagwirapo mu ofesi yolemba anthu ntchito. Chozolowereka kuno ndi imelo ya mutu woti "Right to Represent", yovomereza kuti akuyimireni pa ntchito imodzi, ku kampani imodzi yotchulidwa dzina. Amaifuna chifukwa kampani ndiyo imamulipira mukalembedwa, ndiye maejenti awiri akatumiza CV imodzi amalimbirana ndalamayo. Imeneyo sayinani. Yomwe akupatsaniyo ndi ina, ikukutsekerani makomo onse pamene iye sakulonjeza ngakhale intavyu.

Muyankheni pa imelo, osati pa foni. Atchule kampani, udindo ndi malipiro omwe akakunenereni. Chilolezo chikhale cha ntchito yokhayo, kwa masabata awiri, ndipo asatumize CV kwina musanavomere. Ngati akuopa kuti mumudumpha, mulonjezeni kuti ku kampani imeneyo simupitako nokha.

Chimwene Joni: Mlamu wanga anapereka ndalama zambiri kwa ejenti wa ntchito zosamalira okalamba, mpaka lero zii. Akukuuzani zingati?

Nambewe: Ndalama sanatchule achimwene, ndi fomu yokhayi.

Anaphiri a ku Leeds: Ndipo asatchule. Employment Agencies Act ya 1973 imaletsa kulipiritsa munthu chifukwa chomupezera ntchito, kupatula magulu ochepa monga a zisudzo. Malamulo a maejenti a 2003 amaletsanso kukulangani chifukwa mwakagwira ntchito kwina. Onani ngati fomuyo ili ndi mawu a chindapusa.

Mayi a mapasa: Nambewe, lembani m'kope kulikonse komwe CV yanu yapita kale. Yanga inafika ku kampani ina kudzera mwa maejenti awiri, wina sanandifunse n'komwe. Kampaniyo inangondisiya, akuti safuna mikangano. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ntchitoyo ndinkaiyenera.

Nambewe: Zikomo nonse. Ndamulembera monga mwanenera Anaphiri. Wayankha kuti wavomera za ntchito imodzi, koma akufuna masabata anayi, ndipo dzina la kampani atchula pa foni basi.

Bambo a Tadala: Mwaona? Akubisa chinachake.

Anaphiri a ku Leeds: Mwina ayi, makampani ena safuna zidziwike kuti akusaka munthu. Masabata anayi ndingalole. Akakuuzani dzinalo pa foni, inuyo mulilembe mu imelo yovomerezayo musanatumize. Akakana zimenezonso, mubwere mutiuze.