Makhololo akuuma m'chubu cha pakhosi cha bambo anga, ndithandizeni

Abale anga, amene munasamalirapo munthu wopumira chubu cha pakhosi, ndigawireniko nzeru. Bambo anga anawaboola pakhosi chifukwa cha khansa ya kum'mero, ndipo ino ndi sabata yachitatu tili kunyumba.

Ndikuchita monga anandiphunzitsira anesi. Ndikasamba m'manja ndimalowetsa kapaipi kopopera makhololo osapyola utali wa chubucho, n'kumapopa pokatulutsa pokha, masekondi osapitirira 10, kenako ndimawasiya apume kaye. Kachubu kam'kati ndimakazula katatu pa tsiku n'kukatsuka ndi kabulashi kake m'madzi owiritsa ozizira.

Koma ndi fumbi la chilimweli makhololo akulimba ngati phala logona. Lachiwiri usiku anayamba kupuma molira ngati likhweru, thukuta lili kamukamu, kapaipi n'kukana kulowa. Nditazula kachubu kam'kati ndinapeza nkhanambo itatseka theka la bowo. Nditaika kena koyera, mpamene anapuma bwino. Kuyambira tsikulo tulo sindikutiona.

Poti mpweya sukudutsanso m'mphuno, umafika m'chifuwa uli wouma. Kodi inu mumaunyowetsa bwanji? Kansalu konyowa pang'ono kophimba pabowo kamathandiza, kapena pamafunika makina a nthunzi aja? Nanga magetsi akazima mumapopa ndi chiyani?

China n'chakuti dzulo ndinaona timizere ta magazi m'makhololo. Ndikudziwa kuti milomo ikayamba kuda, magazi akamatuluka ambiri kapena chubu chonse chikazuka, n'kuthamangira kuchipatala basi. Koma timizere tokhati, popanda kutentha thupi kapena fungo pabala, ndidikire tsiku la sikelo yawo kapena ndipite nawo mawa lomwe?